Zikomo nonse, mwana wathu wabwerako ku Ulongwe

Kamtsikana kathu, kamene kanadwala chibayo, katuluka m'chipatala cha ku Ulongwe Lachisanu, ndipo m'mawa uno kamaliza phala lonse n'kuyamba kuthamangitsa nkhuku pabwalo. Ndati ndisakhale chete, ndithokoze anthu amene anatigwira dzanja.

Ndiyambe ndi anamwino a pachipatala chathu chaching'ono kuno ku Domwe. Mwanayu ali ndi chaka ndi miyezi iwiri. Thupi litatentha Lamlungu usiku, Lolemba m'mawa ndinamubereka kupita naye, chifukwa kuno kwathu mwana akatentha thupi sadikira tsiku lathunthu asanayezedwe malungo. Anamubaya pachala, kachida kaja kanaonetsa mzere umodzi wokha, malungo panalibe. Thupi linali pa 38.4. Ankayamwa bwino, maso ali gwa, akulimbana ndi cholembera cha anamwinowo. Iwo anati ndi chimfine, ndikamusamalire kunyumba: panado wa ana pa mlingo umene anandilembera malinga ndi sikelo yake, osapitirira kanayi pa tsiku, kumuyamwitsa pafupipafupi, ndiponso osamufunditsa mabulangete atatu ngakhale kuzizira kwa Juni kuno ku Angoniya mukukudziwa.

Koma chimene chinapulumutsa mwana wanga si mankhwalawo. Asananditulutse anati, "Mayi, khalani kaye pansi. Kutentha kokha kusakuopseni kwambiri. Muziona mmene akuyamwira, mmene akudzukira, ndi mmene akupumira." Anandivundukulitsa malaya a mwana, n'kuika foni patebulo, tinawerenga limodzi kwa mphindi imodzi yathunthu. Mimba ikakwera n'kutsika, ndi kamodzi. Tinapeza 34. Anati kwa mwana wa chaka chimodzi mpaka zaka zisanu, akafika 40 ndiye kuti akupuma mothamanga. Wa miyezi iwiri mpaka chaka, malire ndi 50. Muziwerenga ali phee kapena ali m'tulo, chifukwa akamalira nambala imanama.

Lachiwiri linadutsa bwino. Panado akagwira, mwana ankatsika pamsana n'kumasewera, ndipo mtima wanga unakhala m'malo. Lachitatu madzulo zinasintha. Thupi silinatenthe kuposa kale ayi, mwinanso linachepako, ndipo pamenepo ndi pamene munthu anganamizike. Koma panado atagwira, mwana sanadzuke kukasewera. Bere ankaligwira pang'ono n'kulisiya kuti apume. Ndinayatsa tochi, ndinawerenga: 56. Ndinati mwina ndi mantha anga, ndinadikira pang'ono n'kubwereza: 54. Ndiye ndinaona china chimene anamwino aja anandiuza. Akamakoka mpweya, m'munsi mwa nthiti munkalowa m'kati, m'malo motukuka. Timphuno tikugwedezeka.

Apongozi anga, zikomo. Munali mutanena kuti tidikire kuche, msewu ndi woipa usiku. Koma nditakuonetsani nthiti zija simunatsutsenso, munangoti, "Mpongozi, mangani mwana, ine ndikukadzutsa alamu anu." Alamu, munasiya tulo, munatikweza pa njinga yamoto m'chisanu chija, ndipo ndalama ya mafuta munaikana. Mulungu akubwezereni pamene mwachotsapo.

Kuchipatala anamupana kachida pachala chakuphazi, anati mpweya m'magazi wachepa, ndi chibayo. Anamubaya jakisoni woyamba pomwepo n'kutitumiza ku Ulongwe, kumene anagona ndi timapaipi ta mpweya m'mphuno masiku awiri. Tinakhalako sabata yathunthu ndi masiku owonjezera. Anamwino a usiku a m'chipinda cha ana, maina anu sindinawagwire, koma nkhope zanu ndikuzikumbukira. Amayi a pabedi loyandikana nane, amene munkandigawira nsima ndi kuyang'anira mwana ndikapita kukasamba, zikomo.

Amayi anzanga ambiri mwandifunsa kuti ndinadziwa bwanji. Kupatula kupuma kuja, anamwino anandiuza zina zimene sizifuna n'komwe kuwerenga. Mwana akakanika kuyamwa kapena kumwa, akamasanza chilichonse chimene walowetsa, akakomoka kapena kuphiriphitha, akalefuka moti ukamugwedeza sakudzuka bwino, khosi likauma, nyamukani nthawi yomweyo, kaya ndi pakati pa usiku. Khanda losakwana miyezi iwiri likangotentha thupi, limenelo silisamalidwira kunyumba ngakhale likuoneka bwino. Ndipo kuyezedwa Lolemba n'kupezeka wopanda malungo sikutanthauza kuti nkhani yatha; ine anandiuza kuti kutentha kukapitirira masiku awiri kapena atatu ndibwererenso naye.

A mumpingo amene munakatikumbira mbatatesi ife tili kuchipatala, bambo ake a mwana akuti adzafika okha pakhomo panu kudzathokoza. Mankhwala akumwa amene anatipatsa potuluka tikumaliza Lachiwiri, ndipo Lachitatu tikupita naye kuti akamuonenso.