Kuulutsa chinkhoswe pa Facebook kufupi ndi malire a ku Lizulu

Chinkhoswe cha mdzukulu wathu chinatha bwino, ndipo achibale a ku Joni anaonera mpaka nthawi yopatsana mphatso, koma tsiku loyeserera linandithera pachabe chifukwa cha vuto limene ogulitsa mayunitsi sakuuzani. Mudzi wathu uli pafupi ndi Lizulu, kumene msewu wa M1 umayenda m'malire enieni a Malawi ndi Mozambique. Foni siyidziwa malire. Ikaona kuti netiweki ya tsidya lija ili ndi mphamvu kuposa yathu, imatha kudumphira komweko yokha, ndipo bandulo yanu ya kuno imasiya kugwira ntchito ngakhale timizere ta netiweki tikuoneka todzaza.

Ndinkati ndikadina Go Live, chithunzi chinkayenda pang'ono kenako n'kuuma. Ndinapita kumsika kukadandaula kwa wogulitsa mayunitsi, iye n'kungoti, “Achimwene, onjezerani bandulo ina,” ndipo ndinaonjezeradi, ndalama n'kupita, vuto lili pomwepo. Chizindikiro chake n'chaching'ono: pamwamba pa foni, pafupi ndi timizere tija, pamabwera kachilembo ka R, komanso dzina la kampani limasintha. Mankhwala ake ndi kulowa mu Settings, pa gawo la Mobile networks, kuzimitsa Data roaming, kenako pa Network operators kuchotsa Select automatically n'kusankha nokha TNM kapena Airtel, malinga ndi simu yanu. Mawuwa amasiyana pang'ono malinga ndi mtundu wa foni, koma njira yake ndi yomweyo.

Zikatero m'pamene mungaone mphamvu yeniyeni ya netiweki pamalopo. Kuonera mavidiyo bwinobwino si umboni wakuti mukhoza kuulutsa, pakuti kuonera kumadalira liwiro lolandirira, pamene kuulutsa kumadalira liwiro lotumizira, limene nthawi zambiri limakhala lotsika. Pa Speedtest, pulogalamu yoyezera liwiro la intaneti, yang'anani nambala ya Upload, ndipo ikakhala pansi pa 3 Mbps yembekezerani chithunzi chodukaduka. Kwathu m'nyumba sinkafika n'komwe, koma panja, kumtunda kwa khola, inkapitirira. Tinaika foni yachiwiri pamenepo kuti izigawa intaneti, ndipo foni yojambulira inali pa Airplane mode, Wi-Fi yokha ili yoyatsa. Zimenezi zinathandizanso pa vuto lina, chifukwa pa tsiku la chinkhoswe aliyense amaimba kufunsa njira, ndipo foni ikangolira, deta imatha kuima ndipo owonera amatsala ndi chithunzi chouma. Foni yogawa intanetiyo nayonso isankhireni netiweki pamanja, komanso simu yake ikhale ya nambala imene anthu sakuidziwa.

Pa liwiro la 3 Mbps, ola limodzi limadya magigabayiti oposa 1.3, choncho mwambo wa maola atatu umafuna bandulo ya magigabayiti asanu kuti pakhale potsalira. Gulani bandulo wamba, chifukwa ija ya masamba a mchezo okha siyidalirika mukamagawira foni ina.

Kwathu kulibe magetsi, motero tinadalira pawabanki ya 20,000 mAh imene tinatchajitsa dzulo lake kumsika. Chovuta kwambiri sichinali kutha kwa batire koma kutentha. Foni imene ikujambula, kutumiza ndi kutchaja nthawi imodzi imatentha ngati mbaula, ndipo ikafika pamenepo imachepetsa kuwala kapena kutseka kamera. Ndinachotsa kava, ndinachepetsa kuwala kwa sikirini, ndipo mnyamata wina anagwira ambulera mwambo wonse.

Ndibwerere m'mbuyo pang'ono: poyeserera, pa Facebook sankhani Only me, kutanthauza kuti muziona nokha, kuti musasonkhanitse anthu pa chithunzi cha khola. Yeserani pamalo omwewo, ndipo onaninso ngati kachilembo ka R sikanabwerere.

Ndemanga zimafuna munthu wakewake. Chimene owonera akuona chimachedwa ndi masekondi angapo, nthawi zina mpaka theka la mphindi, kotero mukafunsa ngati mawu akumveka dikirani ndithu musanasinthe kanthu. Ife tinapatsa mlongo wanga foni ina kuti aziwerenga ndemanga, ndipo pa perekaniperekani ankalemba mayina a akutali amene atumiza ndalama n'kupereka kwa woyendetsa mwambo. Azakhali a ku Joni atamva dzina lawo pa chimkuzamawu analemba kuti, “Ana anga, ndili nanu pomwepo.” Anthu ambiri ankadandaula za mawu osati chithunzi, mpaka tinasuntha foni kuti isayang'anizane ndi sipika. Nyimbo za oimba otchuka nazonso n'zoopsa, chifukwa Facebook ikazizindikira imatha kutseka mawu a gawo limenelo la vidiyo.

Mukamaliza, tsitsani vidiyoyo msanga muisunge kwina, pakuti kuyambira mu February 2025 Facebook imafufuta mavidiyo oulutsidwa pompopompo pakatha masiku 30.