Zilembo za pansi pa chiwaya zimanena zaka za patani, osati za chiwayacho

Mtima wanga wakhala pansi tsopano pa nkhani yodziwa zaka za ziwaya ndi mapoto akale achitsulo chosungunula. Chimene chinkandizunguza mutu n'chakuti matchati a zizindikiro za makampani amaoneka ngati kalendala: chizindikiro ichi ndi cha zaka izi, icho ndi cha zaka izo. Koma chiwaya sichilembedwa dzina chitapangidwa kale. Dzinalo limakhala pa patani, chinthu cholimba chija chimene amakanikiza mumchenga wonyowa kuti chisiye mphako, ndipo chitsulo chosungunuka chimangotengera zimene mchengawo wasunga. Patani imodzi inkagwira ntchito zaka zambiri, ngati chidindo chimene chimadinda makalata a chaka chino ndi a zaka khumi zikubwerazo. Choncho chizindikiro chimangokuuzani chaka chimene chinthucho sichingakhale chisanafike. Malire enawo, oti chinaumbidwa mochedwa bwanji, muyenera kuwafuna m'thupi la chitsulocho.

Sindilowa m'nkhani ya kuchotsa mafuta opserera ndi dzimbiri, kungoti musayese kuweruza chilichonse chiwaya chisanayere mpaka chitsulo chenicheni.

Tiyeni titenge chiwaya chimodzi. Pansi pake pali mtanda uli m'kati mwa mizere iwiri yozungulira, dzina lakuti GRISWOLD m'zilembo zazikulu zoongoka, mawu akuti ERIE PA., nambala ya kukula 8, ndi nambala ya patani 704. Tchati chikuuzani kuti chizindikiro chachikulu chimenechi ndi cha m'ma 1920 mpaka cha m'ma 1940, ndipo fakitale ya kampani ya Griswold ya ku Erie ku Pennsylvania inatsekedwa mu 1957. Mpaka apa zili bwino. Koma pansi pomwepo, podutsa pakati pa chizindikirocho, pali mzere wotukuka wautali ngati chala, wokhakhala ukaukhudza. Chimenechi ndi chipsera cha pothirira. Kale oumba ankaika patani chafufumimba, n'kudula kampata kopyapyala mumchenga kolunjika pansi pa chiwaya, chitsulo n'kulowera pamenepo. Chikazizira ankathyola chotsalacho, chipsera n'kukhala. Mafakitale akuluakulu a ku America anasiya njirayi cha m'ma 1890 n'kuyamba kuthirira m'mphepete mwa mlomo, pomwe chotsalacho amachipala ndi mwala wa makina mpaka kungotsala timizere. Ndiye chiwaya chathuchi chikunena zinthu ziwiri zosagwirizana, dzina la m'ma 1920 ndi kathiridwe ka m'ma 1880.

Amene waloweza tchati chokha angasangalale kuti wapeza chinthu chakale kwambiri, poti pali chipsera. Zoona zake n'zakuti wina anatenga chiwaya chenicheni cha Griswold, n'kuchigwiritsa ntchito ngati patani, n'kuumba china m'kafakitale kakang'ono kapena kusukulu ya ntchito zamanja. Anathirira pansi chifukwa ndi njira yosavuta kwa munthu wopanda zipangizo. Chipsera sichitanthauza ukale pachokha, chimangosonyeza mmene chitsulo chinalowera.

Apa ndi pamene njira imene ndaikonda kuposa zonse imalowera, yoyeza ndi tepi. Chitsulo chosungunula chimafupika chikamazizira, pafupifupi gawo limodzi pa magawo 100 alionse. Opanga mapatani ankadziwa zimenezi, ndiye patani yeniyeni ankaipanga yokulirapo kuti chiwaya chituluke pa muyezo wake. Koma amene waumba kuchokera ku chiwaya chopangidwa kale alibe chowonjezera chimenecho, chake chimafupikanso kachiwiri. Chiwaya cha nambala 8 chimakhala pafupifupi mamilimita 267 kuchokera mlomo uku kufika uko, osawerengera timilomo tothirira. Chokopera chimatsika ndi mamilimita awiri kapena atatu. Muyezo wabwino koposa ndi wautali kwambiri umene mungaupeze, kuchokera kunsonga ya chogwirira kufika mlomo wa tsidya linalo, chifukwa pa mamilimita pafupifupi 400 kusiyanako kumayandikira anayi, ndipo anayi diso silingawaphonye. Kuyeza chizindikiro chokha n'kutaya nthawi, n'chaching'ono moti kufupika kwake sikufika ndi milimita imodzi yomwe.

Ine ndimaona ngati tepi imathetsa mikangano yambiri kuposa galasi lokulitsira zinthu. Zilembo zofufutika zimanamiza, chifukwa chiwaya chenicheni chimene chakhala zaka pamoto wa malasha chimadyeka pansi, zilembo n'kuoneka zofooka ngati za chokopera. Kulemera nakonso kumathandiza pang'ono chabe, ngakhale zokopera zambiri zimakhala zochindikala ndi zolemererapo. Koma kudyeka sikufupikitsa chiwaya kuchokera ku chogwirira kufika kumlomo. Chofunika n'kukhala ndi chiwaya china chodziwika bwino cha nambala ya patani yomweyo, n'kuyeza zonse ziwiri ndi tepi imodzi, chifukwa mibadwo yosiyana ya nambala 8 ya kampani imodzi inali ndi zogwirira zosiyana. Mukatero yang'ananinso m'kati. Ziwaya za makampani a Griswold ndi Wagner za nthawi imeneyo ankazipala m'kati mpaka kusalala, pomwe chokopera nthawi zambiri chimakhala ndi khungu la mchenga paliponse, ndipo bowo lopachikira la pa chogwirira limakhala ndi timanyenje ta chitsulo tosapalidwa.

Mfundo ya patani yomweyi imamasuliranso zilembo zozimiririka zimene zimaoneka ngati mthunzi pansi pa dzina lina. Pa ziwaya zina za kampani ya Wapak mumaoneka mawu akuti ERIE mozimiririka. Wopangayo anatenga chinthu cha kampani ina, n'kumata zilembo zakale, n'kuika zake, koma zomatazo sizinabise zonse. Chiwaya chotere chinaumbidwa pambuyo pa dzina lozimiririkalo, ndipo dzina looneka bwinolo ndi limene muyenera kuwerengera. Chimodzimodzi manambala ooneka ngati chaka. Ziwaya zolembedwa Wagner's 1891 Original zinapangidwa m'ma 1990, pokumbukira chaka chimene kampaniyo inayamba ku Sidney ku Ohio. Ndipo kutha kwa fakitale ya ku Erie sikunathetse dzina la Griswold, linapitirira kuumbidwa kwina popanda mawu akuti ERIE.

Chimene chimandinyansa ndi kaphunzitsidwe kake. Ambiri ophunzitsa nkhaniyi amayamba ndi zithunzi za zizindikiro makumi angapo zoti uloweze, kaumbidwe ka mumchenga n'kukasiyira kumapeto kapena osakatchula n'komwe. Akanayamba ndi bokosi la mchenga la magawo awiri ndi patani pakati, zambiri zikanadzimasulira zokha, ndipo nthawi yochuluka imene imapita pa kuloweza ikanapulumuka. Ngakhale misoko imamveka msanga ukaona bokosilo. Msoko umakhala pamene magawo a chikombole anakumana. Chiwaya chimatuluka mumchenga mosavuta chifukwa n'chotambasuka kukamwa, ndiye msoko wake umangotsata mlomo ndi m'mbali mwa chogwirira. Poto wamimba wa miyendo itatu sangatuluke choncho, chikombole chake chakunja chimayenera kugawika, n'chifukwa chake ali ndi misoko yoimirira m'mbali. Njira youmba mapoto otere mumchenga ndi imene Abraham Darby anailembetsa ku England mu 1707, ndipo yagwiritsidwa ntchito mpaka masiku ano. Choncho msoko woimirira pawokha sunena zaka za poto.

Chivundikiro ndi chinthu china pachokha, chokhala ndi patani yakeyake, ndipo zaka zake si zaka za poto mpaka mutatsimikiza kuti zinachokera limodzi. Ku Griswold manambala amathandiza: poto wa nambala 8 wa patani 1278 amayenda ndi chivundikiro cha 1288, pomwe wakale wa 833 amayenda ndi cha 2551. Nambala ya kukula yokha sikwanira, chifukwa 8 wa kampani ina si 8 wa inzake ndendende. Poyesa, vundikirani n'kukankha chivundikiro uku ndi uku. Kusewera pang'ono n'kwabwinobwino, koma chikamayenda mamilimita angapo, kapena chikakana kulowa, pali chifukwa. Chivundikiro chenicheni pa poto wokopera chimathina chifukwa potoyo anafupika, chokopera pa poto weniweni chimasewera. Chikamagwedera, chizungulitseni pang'onopang'ono mukuona mbali imene yatukuka. Mpata ukamayenda limodzi ndi chivundikiro, chopindika ndi chivundikirocho. Ukakhala malo amodzi, ndi poto amene anapindika ndi moto, ndipo zimenezo sizinena kanthu za zaka.

Pa ziwiya za enamelo, zokutidwa ndi galasi lowotchera pa chitsulo, tepi imachepa mphamvu, ndiyenera kuvomereza, chifukwa galasilo limakwirira misoko ndipo kuchindikala kwake kumasiyanasiyana. Apa dzina la dziko limagwira ntchito kuposa zina: West Germany ndi pakati pa 1949 ndi 1990, Czechoslovakia ndi pakati pa 1918 ndi 1992. Pa za malata opyapyala, zogwirira zokhomedwa ndi maliveti ndi thupi lokhala ndi msoko wopinda kawirikawiri zimatsogola, zowotcherera ndi zopanda msoko n'kubwera pambuyo. Pa mapoto a Le Creuset, kampani ya ku France imene inayamba mu 1925, nambala ya pansi pa poto ndi ya pansi pa chivundikiro ndi kukula kwake m'masentimita, ndiye ziyenera kufanana. Kachitsotso kogwirira ka pamwamba musakadalire, kamamangidwa ndi sikuluwu ndipo aliyense angakasinthe. Yerekezani mtundu wa enamelo ya chivundikiro ndi ya poto padzuwa, ndi mmene milomo yake iwiri yadyekera.

Pamene pakundivutabe ndi pa miyezo ya pakatikati. Woumba amagogoda patani kuti imasuke mumchenga asanaizule, ndipo kugogodako kumakulitsa mphako pang'ono, moti chokopera chikhoza kubweza gawo la zimene chikanafupika. Fakitale nayo inkakhala ndi mapatani angapo a chiwaya chimodzi, n'chifukwa chake pambali pa 704 pamakhala kalembo kena, ndipo mapataniwo sankafanana mpaka pa milimita. Chiwaya chathu chija chili ndi chipsera pansi, mlandu wake ndi wosavuta. Koma chikabwera china chopanda chipsera, chosalala m'kati, chofupika ndi milimita imodzi ndi theka yokha, tepi siingagamule. Ndiponso ngakhale chija chotsimikizika kuti n'chokopera, chitsulo chake chimangoti chinaumbidwa chizindikiro chachikulucho chitayamba kale. Kaya mu 1935 kaya mu 1985, pamenepo sindikuona chimene chingasiyanitse.