Mmene ndinakonzera kanema wotsatsa nyumba ku Area 25

Azakhali anga ataganiza zogulitsa nyumba yawo ya zipinda zogona zitatu ku Area 25 mu Lilongwe, ntchito yojambula kanema wotumiza pa WhatsApp inagwera ine. Ndisanagwire foni, ndinatenga pepala n'kuyenda kuchokera pageti mpaka kuseri kwa nyumba monga angayendere mlendo, ndipo njira imeneyo ndi imene inakhala ndondomeko ya kanema yense.

Ndinadzipatsa mphindi ziwiri zokha, chifukwa kanema wautali amadya bando ndipo anthu ambiri samuonera mpaka kumapeto. Masekondi 120 aja ndinawagawa motere: geti ndi bwalo 20, pabalaza 20, khitchini 25, zipinda zogona 30, bafa ndi chimbudzi 10, kuseri 15. Pamalo alionse ndinalemba mfundo ziwiri basi, kenaka ndinaziwerenga mokweza ndikuyang'ana wotchi, ndipo chiganizo chimene chinandithera mpweya ndinachidula.

Chimene ndinachilingalira kwambiri ndi mawu oyankhula. Palibe chifukwa chonena kuti "apa ndi pabalaza", popeza woonera akuona yekha. Pakamwa payenera kutuluka zimene kamera singaonetse. Choncho pabalaza ndinatchula muyeso umene ndinapima ndi tepi, mamita asanu m'litali ndi anayi m'lifupi, chifukwa foni imakuza chipinda ndipo wogula akafika n'kupeza pochepa amayamba kukayikira zonse. Kukhitchini ndinatsegula mpopi kuti madzi aoneke mphamvu yake, uku ndikunena kuti ndi a Lilongwe Water Board komanso kuti kuseri kuli thanki yothandiza akasiya. Pa mita ya ESCOM ndinangonena kuti ndi yogulira mayunitsi, koma nambala yake sindinaionetse.

Siling'i ya m'chipinda chaching'ono inali ndi banga la madzi a mvula. Azakhali ankafuna kuti tilidumphe, koma ndinawapempha kuti tilionetse n'kufotokoza kuti lata lodonthalo linasinthidwa, pakuti wogula adzaliona ndithu akabwera.

Tinajambula cha m'ma 9 koloko m'mawa, makatani ali otsegula, zitseko zonse zam'kati titazitsegula kale, ndipo zithunzi za banja ndi makiyi titazichotsa. Foni ndinaigwira choimirira ndi manja awiri, ndikuyenda pang'onopang'ono. Pakhomo la chipinda chilichonse ndinkaima masekondi awiri, n'kutembenuka kamodzi kuchokera kumanzere kupita kumanja, zenera lili kumbali kwanga osati kutsogolo, chifukwa kamera ikayang'anizana ndi kuwala chipinda chimada.

Masekondi omaliza, kuseri kuja, ndinawasungira funso limene wogula aliyense amafunsa, la mapepala a malo. Ndinanena kuti chikalata cha umwini chilipo ndipo chili m'dzina la azakhali, kuti wofuna adzachiona pamaso, kenaka ndinatchula mtengo ndi masiku amene anthu angabwere kudzaona nyumbayo.