Liwu limodzi la a Tcheyamani

Ndine msungichuma wa kagulu kathu ka maliro kuno ku Joni. Timasonkha R150 pamwezi kuti wina akatisiya, thupi lake likafike kumudzi, ulendo uja wodzera pa Beitbridge, Nyamapanda, Tete mpaka pa Mwanza. Chaka chino ndinati lipoti la ndalama ndisawerenge m'kope ngati kale. Ndinakonza masilaidi 24 mu PowerPoint n'kuwaponya pa gulu lathu la WhatsApp.

M'mawa mwake a Tcheyamani anaiponyanso fayilo ija pagulupo, pansi pake atalemba liwu limodzi lokha: shorten. Moni panalibe.

Munthu wanzeru akanaimba foni n'kufunsa kuti afupikitse chiyani. Koma a Tcheyamaniwa ndi malume awo a mayi akunyumba, ndiye mkamwini kukafunsa tanthauzo la liwu limodzi la Chingerezi, ndinaona kuti ndikudzichotsa ulemu. Ndinayang'ana fayiloyo, ndipo chachitali chomwe ndinaona ndi nambala ija, 24.

Ndinayamba kuphatikiza masilaidi atatuatatu. PowerPoint ndi yaulemu zedi: ukathira mawu ambiri m'bokosi siikukaniza, imangochepetsa yokha zilembo kuti zikwane. Zanga zinachoka pa 28 kufika pa 11. Masilaidi anatsala 8, osafufuta liwu ngakhale limodzi, ndipo ndinagona ndikudzitama.

Lamulungu tinakumana mu holo ina ku Rosettenville, yomwe timabwereka mpaka 4 koloko. Ndinaimirira hafu pasiti fili. Pulojekita itangowala pakhoma, agogo ena kumbuyo anakweza dzanja.

"A Msungichuma, nyerere zili pakhomazo ndiye ndalama zathuzo?"

Poti palibe ankaona, ndinayenera kuwerenga zonse mokweza. Inenso sindinkaona, choncho ndinasendera pafupi ndi khoma, mthunzi wa mutu wanga n'kuphimba ndalama za miyezi itatu. Ndikasuntha ndinkasokoneza mzere n'kuyambiranso. Nthawi itakwana ndinali pa silaidi 6, ndipo ng'oma inalira pakhomo. A mpingo wobwereka holoyo pambuyo pathu analowa akuimba, atavala zoyera. Ndalama zotsala m'thumba la gulu zinali pa silaidi 8. Palibe anaziona. Pofika madzulo, mbiri inali itawanda kuti msungichuma wachepetsa dala zilembo chifukwa wadya za maliro.

Panja a Tcheyamani anandikokera pambali.

"Mkamwini, ine ndimati mulankhule mphindi 10."

"Koma malume, simunalembe choncho."

"Holoyi timalipira pa ola. Amene amakalipira ndani?"

Amakalipira ndi ineyo.

Anandiwombola ndi mwana wa achemwali anga amene amaphunzira ku Braamfontein. Sanafunse n'komwe za kuchuluka kwa masilaidi. Anawerenga mawu onse n'kupeza 1,800. Kenako anatsegula Slide Show, n'kudina Rehearse Timings, nati, "Malume, lankhulani ngati muli mu holo muja." Kawotchi kanaonetsa kuti ndimatha mawu pafupifupi 80 pamphindi. Chichewa chathuchi mawu ake ndi aatali; "tinakawabwezera" ndi liwu limodzi koma mpweya limadya wa mawu atatu. Ndiye 1,800 kugawa ndi 80 ndi mphindi 22 ndi theka, kaya masilaidi akhale 24, kaya 8, kaya imodzi. Ndinali nditangosamutsa ufa womwewo kuchoka m'matumba ambiri kupita m'matumba ochepa, n'kumadabwa kuti katundu sakupepuka.

Tinayambira kunthawi. Pa mphindi 10 tinachotsapo ziwiri za mafunso, kutsala 8, kutanthauza mawu 640 otuluka pakamwa panga. Mbiri ya momwe gulu linayambira, yomwe aliyense amaidziwa, inapita yonse. Kuthokoza komiti mmodzimmodzi kunapitanso, ngakhale mtima unandipweteka. Zotsalazo tinazichotsa pakhoma n'kuziika mu Notes, poti ndiziona ndekha pa laputopu. Silaidi iliyonse inatsala ndi mutu ndi nambala imodzi yaikulu: zolowa, zotuluka, maliro omwe tinatumiza, zotsala. Ndalama zotsalazo ndinaziika pa silaidi yachiwiri, ng'oma isadzandipezenso. Chodabwitsa, masilaidi anakwera kufika 12, koma ndinkamaliza pa mphindi 8.

Masilaidi ena aja a malisiti ndi mndandanda wa angongole sitinawafufute. Tinawabisa ndi Hide Slide, moti sawoneka pokhapokha utalemba nambala yake n'kudina Enter wina akafunsa.

Mwezi wotsatira ndinamaliza ng'oma isanafike n'komwe pageti. Agogo aja anati tsopano akuona. A Tcheyamani anaimirira n'kundiyamikira pagulu, makamaka pochotsa zosafunika. Apo n'kuti agogo atakwezanso dzanja, akufunsa amene sanasonkhe.

Ndinalemba 17 n'kudina Enter. Zilembo zinali pa 28, ndipo dzina la malume linali lachitatu.