Mphindi 6 pa bolodi: sabata ya maikurotiching'i kuno ku Kasungu

Sabata yathayi kukoleji ya aphunzitsi kumene ndimaphunzitsa inali ya maikurotiching'i. Ophunzira athu atsala pang'ono kupita kusukulu za pulayimale kukayeserera uphunzitsi, ndiye asanachoke, aliyense amaima pa bolodi pamaso pa anzake ochepa n'kuphunzitsa kaphunziro kakafupi, akulimbana ndi luso limodzi lokha. Ena mwa anzanga anatenga luso loyamba phunziro, ena luso lolemba pa bolodi. Ine ndinatenga luso lofunsa mafunso, chifukwa ndikamayendera makalasi, pamenepa m'pamene ndimaona ana ambiri akutsalira mphunzitsi osadziwa.

Lolemba linapita ndi kufotokoza ndondomeko. Njirayi inayambira ku yunivesite ya Stanford ku America mu 1963, kumene Dwight Allen ndi anzake anaona kuti munthu wongoyamba kumene sangaphunzire zonse za uphunzitsi nthawi imodzi. Anachepetsa chilichonse: nthawi, chiwerengero cha ophunzira, mutu wa phunziro ndi luso loti aliyeserere. Ife timatsata kagawidwe kodziwika ka mphindi 36. Munthu amabwera atakonzekera kale, n'kuphunzitsa mphindi 6. Amamva ndemanga mphindi 6, amakonzanso phunziro lake mphindi 12, amaphunzitsanso mphindi 6, kenako ndemanga zachiwiri mphindi 6. Ndinagawa kalasi m'magulu a anthu 10. Pagulu lililonse mmodzi ndi mphunzitsi, 6 amakhala ngati ana, awiri amaonerera atagwira pepala, ndipo mmodzi amasunga nthawi ndi kujambula pa foni.

Pepala la oonerera lija ndimalisamala kwambiri. Silifunsa ngati phunziro linali labwino kapena ayi. Limangofuna zinthu zowerengeka: mafunso anali angati, ndi angati amene anayankhidwa ndi kalasi yonse pamodzi, mphunzitsi anadikira masekondi angati atafunsa, anatchula ndani, ndipo anachita chiyani atalandira yankho lolakwika. Ndisanawabalalitse ndinaphunzitsa ndekha kaphunziro ka mphindi 6, iwo akundilemba pa pepala lomwelo, kuti aone luso lomwe tikunenali likuchitika, komanso kuti dzanja lizolowere kulemba zimene maso aona.

Lachiwiri gulu loyamba linayamba ndi mtsikana wina wochokera cha ku Santhe, wodekha, wolemba bwino pa bolodi. Anasankha masamu ochotsera mobwereka, 52 kuchotsa 27. Anabwera ndi timitengo tomanga m'mitolo ya khumikhumi, mitolo 5 ndi timitengo 2 tapadera. Asanayambe ndinapereka kapepala mwachinsinsi kwa mnyamata mmodzi mwa "ana" aja, komuuza kuti akafunsidwa ayankhe 35. Yankho limeneli sindinangolitola. Ndi lomwe mwana weniweni amapeza akaona kuti pa 2 sangachotse 7, ndiye amangotembenuza n'kuchotsa 2 pa 7 kupeza 5, kenako 2 pa 5 kupeza 3.

Anafotokoza bwino ndithu. Anamasula mtolo umodzi, timitengo tapadera tinakwana 12, anachotsa 7. Koma mafunso ake anali akuti, "Pa 2 sitingachotse 7, eti?" Onse, "Eee!" "Ndiye tibwereke, si choncho?" "Eee!" "Tamvana?" "Eee!" Atalemba samu ina yofanana n'kubwerera ku yoyamba ija, analoza mnyamata wa kapepala uja, yemwe anayankha 35. Iye anangoti, "Ayi. Wina?" Wina anati 25, kalasi inawomba m'manja, nthawi n'kutha.

Pa ndemanga timayamba ndi mwini wake, asanamve za wina aliyense. Ndinamufunsa kuti, "Aphunzitsi, mwaona kuti zayenda bwanji?" Iye anati, "Madamu, ndikuona ngati ana amva, chifukwa amayankha." Apa m'pamene pepala lija linagwira ntchito. Woonerera woyamba anawerenga kuti mafunso anali 11, ndipo 7 mwa iwo yankho lake linali "eee" wa kalasi yonse. Atatu anawayankha yekha asanapereke mpata. Limodzi lokha ndi limene linafuna kuti mwana aganize, ndipo ndi lomwe linatulutsa 35. Woonerera wachiwiri anati kudikira kwake sikunapitirire sekondi imodzi. Tinamuonetsa kachigawo ka vidiyo ka pa 35 paja, ndipo ndinafunsa mnyamata uja kuti, ngati mwana, wachoka akudziwa chimene analakwitsa? Anati ayi, wangodziwa kuti 25 ndi imene amawombera m'manja.

Mtsikanayo anakhala chete pang'ono, kenako anati, "Ndimaopa kuti ndikadikira nthawi indithera." Mantha amenewa ndi a pafupifupi aliyense woyamba, ndipo ndimawamvetsa. Ndinamuuza za Mary Budd Rowe, amene m'zaka za m'ma 1970 anapeza kuti aphunzitsi ambiri amadikira pafupifupi sekondi imodzi yokha akafunsa funso, ndipo kuti akadikira masekondi 3 kapena kuposa, mayankho a ana amatalika komanso ana ambiri amayesa kuyankha. Panali zina zoti ndikananena, monga kuima kwake mbali imodzi ya bolodi, koma ndinazisiya dala. Munthu wa mphindi 12 zokonzanso sangasenze zinthu zisanu. Ndinamupatsa ziwiri: afunse, awerenge chamumtima mpaka 3, kenako atchule dzina, ndipo akalandira yankho lolakwika afunse mmene mwanayo walipezera.

Kuphunzitsanso kumachitika pamaso pa "ana" ena, osati omwe aja, chifukwa oyamba aja yankho akulidziwa kale ndipo phunziro lingaoneke ngati layenda bwino pomwe palibe chasintha. Tinasinthana ndi gulu la pansi pa mtengo wa mango, ndipo kapepala ka 35 ndinakapereka kwa munthu wina. Ulendo uno anayamba ndi kuika mitolo patebulo n'kufunsa kuti, "Ndikufuna kuchotsa timitengo 7, koma tapadera ndili nato 2. Nditani?" Anadikira. Ndinaona milomo yake ikuwerenga. Manja anayi anakwera, iye anatchula amene sanakweze. Pamene 35 inatuluka, anati, "Bwera kuno, utionetse ndi timitengo mmene wapezera 5." Mwanayo anafuna kuchotsa 2 pa 7, mphunzitsi n'kufunsa kuti, "Timitengo 7 timeneto tili pati patebulopa?" Panalibe. Mnzake wina ndiye anati amasule mtolo. Mafunso anatsika kufika pa 6, ndipo "eee" wa onse anamveka kamodzi kokha. Samu yachiwiri sanaifike, nthawi inatha, ndipo pa ndemanga zomaliza iye anadandaula nazo. Ndinamuuza kuti kwa ine samu imodzi imene yaulula maganizo a mwana yaposa ziwiri zoyankhidwa ndi "eee".

Lachitatu ndi Lachinayi magulu anapitiriza okha, ine ndikuzungulira. Vuto lalikulu masiku amenewa silinali kuphunzitsa koma ndemanga. Pagulu lina ndinapeza woonerera akunena kuti, "Asisi aphunzitsa bwino kwambiri, apitirize," pepala lili mbee. Anthuwa amagona hositelo imodzi, amadyera limodzi, ndiye palibe amene afuna kukhumudwitsa mnzake. Pagulu lina zinali zosiyana: mnyamata wina anatha mphindi zonse 6 akukonza Chingerezi cha mnzake, luso la mafunso osalikhudza n'komwe, mwini wake nkhope ili pansi. Onse awiri ndinawabwezera ku lamulo limodzi, lakuti ndemanga iyambe ndi mawu akuti "ndinaona" kapena "ndinamva", itchule mphindi yake ndi mawu enieni amene ananenedwa. "Ndinamva mutafunsa kuti madzi amachokera kuti, ndipo munayankha nokha" ndi chinthu chimene munthu angachikonze pa mphindi 12. "Simunafunse bwino" sichimuuza poyambira.

Lachinayi masana mnzanga wina anabwera ndi ganizo loti, popeza nthawi yatithera, magulu otsala angophunzitsa kamodzi n'kumva ndemanga, kuphunzitsanso kusiyidwe. Masamu ake anali oona: anthu 10 pa mphindi 36 aliyense ndi maola 6 pa gulu limodzi. Komabe ndinakana. Munthu akauzidwa cholakwa chake n'kupita kuhositelo osachiyesanso, chimene watenga ndi manyazi okha, ndipo ife sitidziwa ngati ndemanga yathu inali yothandiza. Tinagwirizana kuti pamene mmodzi akukonzanso phunziro lake mphindi 12 zija, wina aziphunzitsa ndi kumva ndemanga zake. Mpata umene unkangotayika unadzaza, ndipo onse anaphunzitsa kawiri. Ndinapemphanso kuti sabata imeneyi pasakhale malikisi. Pakakhala malikisi, aliyense amasankha mutu wosavuta, amapangana ndi anzake mayankho usiku, ndipo palibe amene angayerekeze kudikira masekondi 3 ali chete pamaso pa wolemba malikisi.

Lachisanu tinakumana kalasi yonse, ndipo mnyamata wina wa ku Chamama anafunsa funso limene ndimalilemekeza. Anati, "Madamu, kuno ana ndi 6, ndipo ndi akuluakulu anzathu. Kwathu Sitandade 2 imadutsa ana 100, ena atakhala pansi mpaka pakhomo. Ndikadikira masekondi 3 kumeneko si phokoso lokhalokha?" Akunena zoona, ndipo malire a njirayi ali pomwepo. Ku Stanford ankaphunzitsa ana asukulu enieni, pomwe ife nthawi zambiri timadalira anzawo ongoyerekeza, amene salira, samenyana, sapempha kupita panja. Maikurotiching'i siphunzitsa kusunga bata m'kalasi yodzaza, ndiponso sionetsa ngati munthu angalumikize maluso onse m'phunziro lathunthu. Chimene imachita ndi kuzoloweretsa pakamwa ndi maso chinthu chimodzi, pamalo pomwe kulakwitsa sikupweteka mwana aliyense, kuti tsiku lomwe ana 100 adzakhale patsogolo pake asadzayambe kuganiza za kafunsidwe.

Funso lakelo tinaliyesa pomwepo. Kalasi yonse inakhala ana, ndinalola ena kuti azilongolola kumbuyo, ndipo iye anaphunzitsa samu yomwe ija ya 52 kuchotsa 27. Kudikira chete kunakanikadi. Ndiye tinasintha: akafunsa, aziti "aliyense alembe yankho m'kope, musanene," kenako "onetsa mnzako," iye akuyenda pakati pa mizere kuyang'ana. Masekondi aja anakhalapo, koma manja a ana ali ndi chochita. Pa mizere itatu imene anadutsa anapeza 35 m'makope awiri, ochokera kwa anthu amene sindinawapatse kapepala, amene anangokumbukira mmene ankalakwitsira ali ana. Anaitana mmodzi kubwera ku timitengo.

Mapepala onse a oonerera ndawasunga, lililonse ndi dzina la mwini wake. Teremu ikubwerayi ndikamakawayendera kusukulu zawo ndidzanyamula omwewo, ndipo ndidzawerenga zinthu zomwezo pamaso pa ana enieni: mafunso angati, "eee" angati, masekondi angati, ndi chimene chachitika mwana akayankha 35.