Sizinali ziwanda, anali mankhwala a mphere

Poti nkhani yafika kale kubawo ndipo ena mwayamba kuthirako mchere wanuwanu, bola ndinene ndekha. Sindinali maliseche ayi, ndinali ndi chitenje cha mayi a Mphatso. Ndipo zoti ndimayankhula malilime kuseri kwa nyumba akufalitsa ndi mlamu wanga, munthu woti nayenso usiku womwewo analira ngakhale amakana.

Mphere zinabwera ndi mwana wa achemwali amene anadzakhala nafe pa holide kuchokera kusukulu yogonera komweko, ankagona ndi Mphatso bulangete limodzi. Iye anabwerera kusukulu bwinobwino, ife patapita mwezi ndi pomwe nyumba yonse inayamba kuimba gitala usiku. Masana zimakhala ngati zakuiwala, koma ukangofunda thupi n'kutenthera basi, pakati pa zala, m'khwapa, pamchombo, m'chiuno momwe mumadutsa lamba, ndi kwina kuja kosakandika pagulu. Ine ndinayamba ndanamizira sopo, kenako nsikidzi mpaka ndinathira madzi otentha bedi losalakwa.

Kuchipatala anesi anangotambasula zala za Mphatso, kuona timizere tating'ono ndi tiziphuphu, n'kufunsa kuti kunyumba muliko angati. Ndinati odwala ndife atatu. Iwo akuti sindinafunse odwala bambo, ndafunsa anthu ogona m'nyumbamo. Ndiye kuwerenga: ine, madamu, Mphatso, mlamu wanga amene anabwera kudzafuna ntchito chaka chatha ndipo akuifunabe pa sofa, komanso apongozi amene anali atabwera kuchokera ku Ntcheu. Anesi akuti onsewo adzole, usiku umodzi, kaya wina sakumva kuyabwa. Akuti kachilombo kake kamaboola khungu n'kumaikira mazira m'katimo, ndipo munthu amene sanadwalepo amatha masabata anayi mpaka asanu ndi limodzi ali nako asanayambe kukanda, koma akupatsira anzake. Mukamusiya ameneyo, inu muchira iye n'kukubwezerani.

Anandipatsa mabotolo a mankhwala oyera ngati mkaka, benzayilo benzoweti wa 25 peresenti, ndi malamulo ake. Kusamba madzulo, kupukuta, kudikira thupi liume komanso lizizire. Kuwenga zikhadabo chifukwa tizilombo timabisala m'menemo ukamakanda. Kukhutchumula botolo, kenako kudzola kuyambira m'khosi mpaka kuphazi osasiya ngakhale kamalo kamodzi, osati pomwe pakuyabwa pokha. Akulu osasungunula, koma Mphatso poti ali ndi zaka 7 theka mankhwala theka madzi. Anafunsanso ngati kuli khanda kapena woyembekezera chifukwa amenewo malangizo awo ndi ena. Kugona nawo, osasamba mpaka maola 24 akwane. Ndipo pomaliza, uku akulemba m'buku osandiyang'ana n'komwe, anati “amaotchako pang'ono.”

Pang'ono. Mawu amenewo ndidzawafunsa kumwamba.

Vuto loyamba linali apongozi. Inu amuna anzanga, mkamwini amayamba bwanji kuuza apongozi ake kuti amayi mudzole thupi lonse, ndi m'mphechepeche momwe? Ine ndinangoika botolo patebulo n'kupita kukaona ngati njinga ili ndi mpweya, njinga yoti inafa kalekale. Madamu ndi amene anakamba nawo kuchipinda. Mlamu ndiye anayamba matama, akuti alamu ine khungu langa ndi lachitsulo, mphere ndi matenda a anthu osasamba. Madamu anangomuuza kuti achimwene, mphere sizisankha wosamba kapena wosasamba, zimayenda khungu ndi khungu komanso zofunda, ndipo bulangete mukufundalo ndi lomwe ankafunda mwana uja, ndiye musankhe, botolo kapena basi ya kumudzi. Anasankha botolo.

Tsono apa ndi pomwe ndikufuna mundimvetse, chifukwa zomwe ndinachita ine ndi zomwe akanachita munthu aliyense wakhama. Ndinaganiza kuti ngati tizilombo tili pansi pa khungu, bwanji ndiwatsegulire njira mankhwalawa. Ndinasamba madzi otentha kwambiri, ndinadzikhula ndi chinkhupule mpaka thupi kufiira, ndipo poti tsitsi lingatchinge mankhwala, ndinatenga lezala n'kumeta kulikulu konse. Zodikira thupi lizizire ndinaona ngati kutaya nthawi. Ndinayamba bwinobwino, khosi, mapewa, madamu anandithandiza kumsana, m'khwapa munangoti tsuu pang'ono ine n'kumati aaa anesi aja amanena izi, zazing'ono. Mimba, mchombo, miyendo, pakati pa zala zakuphazi chimodzichimodzi, ndi pansi pa zikhadabo pomwe. Likulu ndinalisiya komaliza ngati mlendo wolemekezeka, ndipo ndinathira dzanja lodzadza, sindinaumire.

Panadutsa kanthawi kabata, mwina kokwana kutseka botolo. Ndinayamba ngakhale kuimba mluzu.

Abale inu. Tengani tsabola wa kambuzi, musinje, mumuthire pabala, ndiye balalo likhale pamalo oti sungaonetse munthu. Poyamba ndinangoti mayo chapansipansi, mwaulemu, poti m'nyumba muli apongozi. Kenako miyendo inayamba yokha kupondaponda. Ndinathamangira fani, magetsi anali atazima. Ndinathamangira kubafa, ndinapeza madamu aima pakhomo atagwira ndowa, akuti bambo a Mphatso mukangothira madzi ndiye kuti mwataya mankhwala ndipo mawa muyambiranso, anesi ananena kuti kuotcha kumatha pakapita mphindi zochepa, kusamba n'koyenera pokhapokha mutatupa, kutuluka matuza kapena kubanika. Anandiunika ndi tochi ya foni ngati akugula nsomba usiku, akuti simunatupe, pirirani. Mkazi amene ndinamulonjeza pamaso pa ankhoswe.

Ndiye ndinangokoka chitenje pachingwe, kutola lichero pakhonde, ulendo kuseri kwa nyumba komwe kumawomba kamphepo. Ndinaima chotang'adza, dzanja limodzi lakweza chitenje kutsogolo, linalo likupepeza ndi lichero, maso kumwamba, pakamwa pakutuluka mawu oti si Chichewa si Chingoni. Galu wathu anabwera, anandinunkhiza, anayetsemula n'kubwerera.

Ndili m'kati mopepeza ndinamva kukhosomola. Kutembenuka, apongozi. Aima pafupi ndi thandala la mbale, manja atawatambasula uku ndi uku kuti m'khwapa muume, khosi lili mbuu, nawonso anathawira kamphepo komweko.

Tinayang'anana. Kenako tonse tinayang'ana kumbali, iwo anayang'ana mtengo wa papaya, ine khoma la aneba. Kuthawa sindingathe chifukwa njira ndi yomwe aimayo. Kusiya kupepeza sindingathe chifukwa ndifa. Ndiye lichero linangopitiriza lokha, pang'onopang'ono, mwaulemu, fuu, fuu. Ndipo poti ndinaleredwa bwino, thupi langa linaganiza lokha kuti apongozi sapatsidwa moni choimirira. Ndinanjuta. Anzanga, musadzanjute. Chilichonse chomwe chinali patalipatali chinakumana, moto unachita kuwirikiza, misozi ili chuchuchu, ine ndili pansi ndi lichero m'manja n'kumati “mwaswera bwanji amayi.” Naini koloko usiku, anthu oti tadyera limodzi nsima.

Iwo osatembenuka, akuyang'anabe papaya, anati “taswera bambo, kaya inu.” Ndinati ndaswera. Panakhala chete wautali zedi, achule okha. Kenako anati “achita bwino mankhwalawa, akumveka kuti akugwira ntchito.” Ndinati eya amayi, akugwira. Anati “lichero limenelo ndi lopetera mpunga.” Ndinati pepani amayi. Ndipo tinakhalabe pomwepo, iwo manja m'mwamba, ine chonjuta, mpaka m'nyumba munamveka kukuwa kwa mwamuna wamkulu kuitana amayi ake. Anali wa khungu lachitsulo uja. Apongozi anangoti “ndiye wanga ameneyo” n'kulowa.

Kunena zoona motowo unazima wokha, mwina patatha mphindi khumi kapena khumi ndi zisanu, ngakhale kwa ine inali nyengo yonse ya dzinja. Mphatso ndi mankhwala ake osungunula anangoti akunyerenyetsa, n'kugona. Madamu, amene anasamba madzi ofunda chabe, osakhula, n'kudikira thupi liume, akuti anangomva kutentha pang'ono m'malo omwe anakanda kwambiri. Mankhwalawa amalusa pakhungu lopyapyala ndi pomwe pali mabala, ndiye ine ndi lezala langa ndinachita kuwayalira mphasa. Koma anesi sananene zoti osameta, zimenezo zilembedwe.

Usiku wonse nyumba inali kununkha mankhwala, tonse tavala zochapa, zofunda zochapa. Ndipo kamulandu kena n'koti ukasamba m'manja, kaya wachokera kuchimbudzi, uyenera kudzolanso m'manjamo chifukwa pakati pa zala ndiye kumudzi kwawo kwa tizilomboti. Madamu anaika botolo pafupi ndi ndowa, aliyense wotuluka amamva “mwadzolanso?” kuchokera mumdima. Kutacha ndinapita kuntchito osasamba, ndipo mu minibasi kwa nthawi yoyamba ndinakhala momasuka, mayi amene ndinayandikana naye anatulutsa mutu pawindo kuyambira pa siteji mpaka m'tauni.

Kunyumba kunali chintchito. Zovala zonse zomwe tinavala masiku atatu apitawo, mashiti a pabedi, mabulangete, mataulo, zonse m'madzi otentha, kuyanika padzuwa, kusita. Matiresi panja. Zosachapika ngati jekete langa la suti ndi nsapato za Mphatso tinazimanga m'majumbo n'kuziiwala sabata yathunthu, poti kachilomboka kakakhala kunja kwa thupi la munthu sikapitirira masiku awiri kapena atatu. Aneba ankangoona ngati tikusamuka.

Chomwe chinandipweteka mtima n'choti kuyabwa sikunathe. Ndinabwerera kwa anesi nditakwiya kuti ndapsa ulele, iwo akuti ayi, thupi limapitiriza kulimbana ndi zotsalira za tizilombo takufa m'khungu, kuyabwa kumatha kukhalapo masabata awiri mpaka anayi, chachikulu kuzipita kukuchepa. Chizindikiro choti zakanika ndi timizere tatsopano ndi tiziphuphu tatsopano, kapena wina amene sankakanda kuyamba kukanda. Akuti musamangodzola tsiku ndi tsiku chifukwa cha kuyabwako, mudzaotcha khungu n'kumayabwa ndi mankhwala omwewo. Ndinapuma. Kenako akuti komabe pakatha sabata mudzolenso kamodzi nonse, chifukwa mazira ena amapulumuka ulendo woyamba n'kuswa pambuyo pake. Ndinafunsa ngati kulibe ena ofatsa, akuti kuli kirimu wa pemetirini wa 5 peresenti, ameneyo sapsereza chonchi ndipo umadzola usiku n'kusamba m'mawa, kungoti kwawoko analibe, ndikafufuze ku famase. Nditawerengera anthu asanu ndi thumba langa, tinabwerera ku botolo lathu lomwe lija.

Ulendo wachiwiri ndinasamba madzi ofunda, lezala osaliyandikira, ndinakhala pampando mpaka kuuma, ndipo kunangotentha moti munthu n'kupirira uku akutukwana chamumtima. Apongozi tsiku limenelo anadzolera kuchipinda ndipo sanatuluke mpaka m'mawa, sindikudziwa ngati anapangana ndi mwana wawo.

Panopa tonse tinachira, mlamu akadali pa sofa. Lichero lija madamu akuti ndigule lina, lakalelo akuti ndi langa tsopano, likungokhala pamwamba pa khola la nkhuku. Amene akudziwa komwe akugulitsa motchipa andiuze.