Mmene ndinapemphera kuti andikweze malipiro pa esiteti ya tiyi

Ndine kalaliki wa sikelo pa esiteti ina ya tiyi kuno ku Thyolo. Mnzathu wa ku sitolo ya katundu atapuma pa ntchito, makiyi anapatsidwa kwa ine, akuti "kwa masabata ochepa chabe". Chaka chinatha ndikuyeza masamba m'mawa, masana n'kumatulutsa feteleza, dizilo ndi madengu, malipiro ali pomwepo pa K280,000.

Ulendo woyamba ndinalakwitsa ndekha. Ndinawapingasa abwana pakhonde mu Januwale, tiyi ataphuka kwambiri, mathirakitala ali pamzere. Ndinadandaula za mtengo wa chimanga ku Luchenza ndi kugwa kwa kwacha kuja kwa 44 peresenti mu Novembala 2023. Iwo anangoti, "Achimwene, kwacha yagwera tonse. Dikirani zokweza aliyense." Sananame. Kudula kwa zinthu sikundisiyanitsa ndi kapitawo kapena mlonda.

Ndiye ndinadikira Julayi, masamba atachepa. Ndinatenga kalata yomwe anandilembera ntchito n'kuiyika pambali pa pepala loyera. Kumanzere ndinalemba zimene kalatayo ikunena, kumanja zimene ndikuchita tsopano: kusunga makiyi, kulemba makadi a katundu, kuwerengera katundu pakutha pa mwezi, kusayinira dizilo. Pansi pake ndinawonjezera chinthu chimodzi chokha choti atha kuchitsimikiza m'mabuku awo: miyezi 12 yonse, thumba la feteleza silinasowe. Ndinafufuzanso kuti malo a wa ku sitolo ali pa giredi yoposa yanga.

Ndinapempha mlembi wawo kuti andipezere mphindi 15, ndipo ndinanena poyera kuti nkhani ndi ya malipiro.

"Bwana, pepala ili likuonetsa ntchito ziwiri. Ndikupempha kuti mundiike pa giredi ya wa ku sitolo, malipiro afike K350,000."

Nditatero ndinakhala chete. Apa m'pamene ambiri timagwera, chifukwa manyazi amatichititsa kutsitsa tokha mtengo munthu asanayankhe n'komwe.

Anati angathe kundipatsa alawansi ya K50,000 yogwirizira udindo. Imakoma kuimva, koma alawansi yotere imatha tsiku limene alemba munthu wina. Malipiro enieni akakwera satsika chisawawa, ndipo penshoni imakwera nawo, poti olemba ntchito amaika 10 peresenti, ife 5.

"Alawansiyo ndilandira, bwana, koma ya giredi tidzaionanso liti?"

"Tikamalemba bajeti."

"Chonde, zonsezi zilembedwe m'kalata, ndi mwezi wake."

Anaseka, koma kalata inatuluka patapita masabata atatu. Ndalama za miyezi 12 yam'mbuyo anakana kwamtuwagalu, poti panalibe chikalata chondipatsa udindowo pachiyambi. Fotokope ya kalata yatsopanoyi ili kunyumba, m'chikwama cha masatifiketi.